Mwana akamapita ku MRI mogonetsedwa: nthawi yosiya kudya ndi ntchito ya kholo

Dokotala akalemba kalata yoti mwana akajambulidwe ndi makina a MRI, omwe kuno ku Mozambique madokotala ambiri amawatchula kuti resonansiya, makolo amadabwa akamva kuti mwanayo akafunika kugonetsedwa ndi mankhwala. Kujambulako sikupweteka, sang'amba paliponse, ndipo makinawa sagwiritsa ntchito cheza chonga cha ekisire. Vuto ndi nthawi. Kujambula mutu kapena msana kumatenga mphindi 30 mpaka 60, ndipo kumachitika m'zigawo za mphindi zingapo chilichonse. M'chigawo chimodzi mwana akangotembenuza mutu pang'ono, zithunzi zonse za chigawocho zimatuluka zosaoneka bwino ndipo amayambiranso. Onjezani kuti mwana amalowetsedwa m'chimphako chopapatiza, makina akugogoda mwaphokoso loti munthu sangakhalemo osatseka makutu. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu sangapirire zimenezi ali maso, ngakhale atakhala womvera bwanji.

Si ana onse amagonetsedwa. Khanda la miyezi itatu kapena kucheperapo nthawi zambiri amangoliyamwitsa, kulifunditsa bwino n'kudikira kuti ligone lokha, ndipo ana ambiri a zaka 6 kapena 7 kupita m'tsogolo amatha kugona phee akawafotokozera bwino. Amene ali pakati pa misinkhu imeneyi ndi omwe amafuna mankhwala. Choncho musaganizire nokha kuti mwana wanu ali m'gulu liti. Funsani tsiku lomwe akukupatsani deti, chifukwa kukonzekera kwa khanda loyamwitsidwa n'kosiyana kotheratu ndi kwa mwana wogonetsedwa ndi mankhwala.

Chifukwa chake m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu

Pakhosi pali njira ziwiri zoyandikana, ina yopita m'mimba, ina yopita kumapapo. Munthu ali maso, kapena ali m'tulo wamba, chakudya chikabwerera kuchokera m'mimba thupi limatseka lokha njira ya mpweya, ndipo kanthu kakalowako amatsokomola mpaka katuluke. Mankhwala ogonetsa amafooketsa chitetezo chimenechi. Mwana wogonetsedwa, atagona chagada, akabzikula kapena kusanza, phala ndi asidi wa m'mimba zikhoza kutsikira m'mapapo iye osatsokomola n'komwe. Asidiyo amawotcha mapapo, timibulu ta chakudya timatseka tinjira ta mpweya, ndipo pakhoza kutsatira chibayo choopsa chofuna kuti mwana agonekedwe m'chipatala ali pa okosijeni. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo kusalako kwaikidwa kuti zisachitike. Ku MRI kulinso chovuta china: mutu wa mwana umakhala mkati mwa makina, kutali ndi manja a wogonetsa, moti kuti amuthandize ayenera kuyamba aimitsa kujambula n'kumutulutsa.

Zakudya sizichoka m'mimba pa liwiro limodzi, n'chifukwa chake lamulo lili ndi manambala anayi osati imodzi. Madzi ndi zakumwa zoonekera mkati zimaloledwa mpaka kutatsala maola 2. Mkaka wa m'mawere, mpaka kutatsala maola 4. Mkaka wa m'chitini, mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, phala, buledi ndi chakudya china chopepuka, maola 6. Chakudya cholemera, cha nyama kapena chamafuta ambiri, maola 8. Zipatala zina zimatsata malangizo atsopano a ku Ulaya a chaka cha 2022 omwe anafupikitsa nthawizi kwa ana, kufika ola limodzi pa madzi ndi maola 3 pa bere. Ngati chipatala chanu chakupatsani manambala ake, tsatirani amenewo. Ngati sanakuuzeni chilichonse chomveka, gwirani 2, 4, 6 ndi 8, palibe amene angakubwezeni nawo.

Mkaka umasokoneza anthu ambiri chifukwa umaoneka ngati chakumwa. Ukafika m'mimba umakumana ndi asidi n'kuundana zibuluma, ndipo kuyambira pamenepo thupi limaugaya monga chakudya. Chimodzimodzi tiyi wamkaka, thobwa, mahewu, madzi a malambe, juwisi wa mango kapena wa lalanje wofinya kunyumba: zonsezi ziwerengeni ngati chakudya cha maola 6. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani chakumwacho m'tambula yagalasi, muike pepala lolembedwa kuseri kwake. Ngati zilembo zikuwerengeka, n'choonekera mkati. Madzi owiritsa osungunuliramo shuga pang'ono amapambana mayesowa, tiyi wopepuka wopanda mkaka amapambananso, ngakhalenso madzi amchere ndi shuga a m'paketi aja omwe amapatsa ana otsegula m'mimba.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyo

Titenge mwana wamkazi wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 12, wa ku Ulongwe m'boma la Angoniya. Akuyamwabe usiku, amakomoka pafupipafupi, ndipo dokotala akufuna kuona ubongo wake. Auzidwa kuti akagonetsedwa 9 koloko m'mawa. Nthawi zonse muziwerenga kuchokera pa ola logonetsera mwana, ndipo ngati akuuzani ola lofikira lokha, werengani kuchokera pamenepo kuti musaphonye.

Maola 8 kuchokera pa 9 koloko ndi 1 koloko usiku, ndiye kuti nsima ya madzulo ndi ndiwo zake adye monga mwa masiku onse, akhute. Malire a phala ndi 3 koloko usiku, zomwe kwa ambiri zikutanthauza kuti phala lomaliza ndi la asanagone. Bere limalekeza 5 koloko m'mamawa, ndipo apa mayi achite dala kumudzutsa mwana cha m'ma 4:30 kuti ayamwe mokwanira n'kumaliza 5 koloko isanakwane. Kuyambira pamenepo mpaka 7 koloko, mwana azimwa madzi a shuga pang'onopang'ono. Kumwa komaliza kusakhale kodzaza mimba. Muyezo womwe madokotala ambiri amagwiritsa ntchito ndi mamililita 3 pa kilogalamu iliyonse, ndiye kwa mwanayu ndi mamililita 36, pafupifupi masupuni aang'ono 7. Ikakwana 7 koloko, pakamwa pasalowenso kanthu, ngakhale switi, chingamu kapena kabisiketi.

Ikanakhala kuti amugonetsa 2 koloko masana, mwanayu akanadya phala lopanda mafuta kapena nsinjiro zambiri n'kumaliza 8 koloko m'mawa, kuyamwa mpaka 10 koloko, madzi mpaka 12 koloko.

Pamapepala zonsezi n'zophweka. Pomwe zimasokonekera ndi pamphasa. Mwana wogona ndi amake amadziwa yekha kufunafuna bere mumdima, ndipo mayi wotopa ndi ulendo sangamve n'komwe kuti mwana wayamwa 6 koloko. Pambuyo pa kuyamwitsa komaliza, mwanayo amutenge bambo ake, azakhali kapena agogo, apo ayi mayi avale chovala chotseka pachifuwa ndipo asagonenso. Malo achiwiri ndi pabenchi yodikirira. Mwana akulira, mayi wachifundo amene wakhala pambali amatulutsa nthochi kapena chitumbuwa, agogo nawo mtima suwalola kuona mdzukulu akuvutika. Aliyense amene mwatsagana naye muuzeni chifukwa chake, osati lamulo lokha, ndipo akuluakulu asadyere pamaso pa mwanayo.

Kusala mopitirira nakonso kumavulaza

Mawu akuti "asadye chilichonse kuyambira pakati pa usiku" ndi a akuluakulu, ndipo ngakhale kwa iwo anatha ntchito. Makolo ena poopa kubwezedwa amawonjezeranso okha, mwana n'kusiya kudya ndi kumwa 6 koloko madzulo. Akamafika pamakina 11 koloko, wakhala maola 17 wopanda kanthu. Mwana wamng'ono sasunga shuga wambiri m'chiwindi, choncho shuga wa m'magazi amatsika. Thupi likauma mitsempha imabisala, namwino amabaya kangapo asanaupeze, ndipo mankhwala ogonetsa amatsitsa kwambiri kuthamanga kwa magazi mwa mwana wouma thupi. Mwana wanjala ndi ludzu amavutanso kumugonetsa chifukwa amakhala wolusa. Kwa mwana wochokera kumtunda kozizira ngati Angoniya kapena Tsangano, kutentha kwa mumzinda wa Tete, komwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumamuumitsa msanga kuposa mmene makolo amaganizira. Madzi a shuga a maola omaliza aja musawaone ngati chilolezo chabe, ndi mbali ya kukonzekera.

Mzere ukachedwa, zomwe zimachitika makina akavuta kapena kukabwera wodwala mwadzidzidzi, musakhale chete ndipo musamupatse mwana kanthu mwa nokha. Pitani kwa namwino mukanene kuti, "Mwanayu anamwa komaliza 7 koloko, pano ndi 11 koloko. Atsala maola angati kuti alowe? Ndingamupatse madzi?" Ngati kwatsala maola opitirira awiri, kawirikawiri amalola madzi a shuga, kapena amamuika diripi. Mwana amene poyamba amalira mwamphamvu kenako wangoti zii, wafooka, akutuluka thukuta lozizira, akunjenjemera kapena akuodzera mosadziwika bwino, ameneyo asadikire mzere. Auzeni nthawi yomweyo kuti amuyeze shuga.

Tsono mwana akadya mwangozi, nenani. Tikudziwa chimene chimatseka makolo pakamwa: ndalama ya shapa yatha kale, munda wasiyidwa, deti linadikiridwa miyezi. Koma wogonetsa alibe njira yoonera m'mimba mwa mwana ndi maso, amadalira mawu anu. Mukanena kuti anadya theka la nthochi 7:30, nthawi zambiri amangosuntha mwanayo kuti alowe masana, maola 6 atakwana. Mukabisa, amamugonetsa ngati wopanda kanthu m'mimba, ndipo ngozi yonse imagwera mwanayo.

Za ulendo, kuchokera ku Ulongwe kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo ena amatumizidwa kutali kuposa apo. Kunyamuka m'bandakucha wa tsiku lomwelo ndi mwana wosala kudya n'kudziika pamavuto. Ngati n'kotheka fikani dzulo lake, mugone pafupi ndi chipatala.

Zimene wogonetsa ayenera kumva kwa inu

Chimfine ndicho chimalepheretsa ana ambiri. Njira ya mpweya ya mwana amene ali ndi chifuwa imakhala yotupa ndi yosachedwa kukwiya, moti ntchofu zikakhudza kholingo ali m'tulo ta mankhwala, likhoza kudzitseka mwadzidzidzi mpweya n'kulephera kulowa. Kukwiya kumeneku kumapitirira kwa milungu ingapo chifuwa chitatha. Mamina oyera ochepa mwa mwana wosangalala, wopanda kutentha thupi, nthawi zambiri salepheretsa. Koma kutentha thupi, chifuwa cha makhololo, mamina obiriwira, kulira kwa m'chifuwa popuma, malungo, kusanza kapena kutsegula m'mimba zimachititsa kuti asunthe deti, kawirikawiri ndi milungu iwiri mpaka inayi. Pemphani nambala ya foni ya kuchipatala tsiku lolandira deti, kuti mwana akadwala mufunse musanalipire ulendo.

Nenaninso ngati mwana amaliza mkonono usiku uliwonse kapena amaima kupuma ali m'tulo, chifukwa ana otere njira yawo ya mpweya imatsekeka msanga akagonetsedwa. Nenani ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati ali ndi vuto la mtima, la impso, mphumu, matenda a shuga kapena matenda a magazi a siko selo, ngati mankhwala ena anamuwengapo, komanso ngati pabanja panu wina anavutikapo kapena kumwalira atagonetsedwa pa opaleshoni. Mankhwala azitsamba omwe akumwa muwatchulenso popanda manyazi, poti ena amawonjezera tulo ndipo ena amalemetsa chiwindi.

Mwana wathu wa ku Ulongwe uja amamwa mankhwala a khunyu m'mawa ndi madzulo, kaya ndi fenobabitoni, kabamazepini kapena valupuroweti. Amenewa sadumphitsa chifukwa cha kusala. Kudumpha kumwa kukhoza kumukomola pabenchi kapena m'makina momwe. Nthawi zambiri amamwa pa ola lake ndi madzi pang'ono chabe, koma tsimikizirani kwa dokotala pasadakhale, ndipo musasakanize mankhwalawo m'phala monga mumachitira masiku ena. Zipatala zina zimapempha kuti mwana agone mochedwa n'kudzuka molawirira kuti mankhwala ogonetsa agwire msanga. Chitani zimenezo pokhapokha akuuzani, chifukwa kwa mwana wa khunyu kusowa tulo kumayambitsa kukomoka.

Chitsulo

Makina a MRI ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo mphamvuyo siizima ngakhale pamene sakujambula. Lumo, kiyi kapena ndalama yachitsulo zikhoza kuuluka kuchoka m'thumba n'kukamenya mwana amene ali mkati. Chitsulo chokhudza khungu chikhoza kutentha n'kumuwotcha, ndipo mwana wogonetsedwa sangalire kuti mudziwe. Ngakhale kachitsulo kakang'ono kamadetsanso chithunzi pamalo pomwe kali. Muvekeni zovala za thonje zopanda zipi, mabatani achitsulo kapena zonyezimira. Muvuleni ndolo, mapini a thewera, zomangira tsitsi, ndiponso mkuzi kapena chithumwa cha m'chiuno kapena m'khosi. Zithumwa zambiri n'zosokedwa ndipo kholo silidziwa zimene zili mkati. Muvuleni muli kunyumba, mukamuvekenso mukatuluka.

Chitsulo cha m'kati mwa thupi n'chofunika kuchitchula kwambiri. Mwana amene anaikidwa kapaipi kochotsa madzi m'mutu abwere ndi mapepala a opaleshoniyo, chifukwa mitundu ina ya timapaipi timeneti imasinthidwa ndi maginito ndipo iyenera kuyang'anidwanso akatha kujambula. Chimodzimodzi kachipangizo ka mtima kapena ka m'khutu, zitsulo za m'mafupa, kachitsulo komwe kanalowapo m'diso, kapena ngati mukukayikira kuti mwana anameza ndalama, batire kapena maginito. Kholo lomwe laloledwa kulowa limafunsidwa mafunso omwewa, limasiya foni, makiyi ndi khadi la kubanki panja, ndipo mayi woyembekezera anene, chifukwa nthawi zambiri samulowetsa.

Pa nthawi yogonetsa

Mankhwala amasiyana malinga ndi chipatala ndi mwana. Ena ndi akumwa kapena othira m'mphuno ndipo amatenga mphindi 20 mpaka 45 kuti agwire. Ena, monga puropofolo ndi ketamini, amadutsa mumtsempha ndipo mwana amagona m'kanthawi kochepa. Pena amasankha kumugonetsa kotheratu ndi mpweya wa pamasiki. Ana ambiri amaikidwa kapaipi kamumtsempha padzanja, komwe kamathandizanso ngati dokotala akufuna kubaya gadoliniyamu, mankhwala oonetsa bwino zotupa ndi malo otupa. Amenewa amatuluka kudzera mu impso, n'chifukwa chake amafunsa za impso.

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi muuzeni dzulo lake, m'mawu ochepa ndi oona: adokotala akupatsa mankhwala a tulo, ajambula mutu wako, ukadzuka undipeza pompano. Musamulonjeze kuti sabayidwa ngati simukudziwa, ndipo amene anazolowera kuopseza mwana ndi jakisoni akalakwa asiyiretu sabata imeneyo. Pobaya, mukhazikeni pamiyendo panu chifuwa chake chitagunda chanu, dzanja limodzi litatulukira kwa namwino, nkhope itayang'ana kwina, inu mukumuyankhula kapena kumuimbira. Mwana wogwiridwa chonchi amalimbana pang'ono poyerekeza ndi wopanikizidwa chagada pabedi ndi anthu atatu. Kapulana ya amake yomwe anaizolowera fungo imathandiza.

Konzekerani kuona mmene tulo ta mankhwala timayambira, poti timaopsa amene sanationepo. Mwana akhoza kupalapata pang'ono, maso n'kutembenuka kapena kukhala otsegula theka, thupi n'kulefuka mwadzidzidzi m'manja mwanu, n'kuyamba mkonono. Puropofolo amawawa polowa mumtsempha, choncho mwana akhoza kukoka dzanja asanagone. Zimenezi n'zoyembekezeka. Akakuuzani kuti tulukani, tulukani msanga kuti ogwira ntchito aike maso onse pa kupuma kwake. M'makinamo amakhala atatsekedwa makutu, ali ndi kachipangizo pachala koyeza okosijeni ndi kugunda kwa mtima, ndipo pali munthu amene ntchito yake ndi kuyang'anira iye yekha. Nthawi zina mankhwala akumwa sagwira mokwanira ndipo mwana amadzuka pakati. Akatero ndi bwino kupatsidwa deti lina kusiyana n'kumangowonjezera mankhwala.

Akadzuka, ndi ulendo wobwerera

Ana ambiri amadzuka pakati pa theka la ola ndi maola awiri. Ena amadzuka akulira mosatonthozeka, osazindikira ngakhale mayi awo, kwa mphindi 10 mpaka 30, kenako zimatha zokha. Mugwireni kuti asadzipweteke kapena kuzula kapaipi. Namwino akalola, yambani ndi madzi pang'ono kapena bere, kenako phala lopepuka. Akasanza kamodzi, dikirani theka la ola muyambirenso pang'onopang'ono. Samutulutsa mpaka atadzuka bwino, akupuma bwino payekha, akumwa osasanza, ndipo akutha kukhala tsonga monga mwa msinkhu wake.

Mankhwala amakhala asanatheretu m'thupi kwa tsiku lonse, ndipo kuno ngozi yaikulu ili pa kubereka mwana kumsana. Mwana wolefuka akaberekedwa kumsana, mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kugunda pachifuwa kapena nkhope n'kukanikizika pamsana pa amake, njira ya mpweya n'kupindika, mayi osaona. Tsiku limenelo munyamuleni kutsogolo, nkhope ili poonekera, chibwano chitakwezeka pang'ono, ndipo musamufunditse kumaso. M'shapa yodzaza ndi yotentha chitani chimodzimodzi, ndipo ngati ulendo ndi wa maola ambiri, kuli bwino kugonanso pafupi ndi chipatala usiku umenewo. Pamaola 24 oyamba amayenda mwadzandidzandi, choncho asayandikire moto, chitsime, mtsinje kapena beseni la madzi, asakwere njinga yamoto popanda womugwira, ndipo asasiyidwe ndi mwana mnzake. Pogona agonere chammbali, ndipo m'maola oyamba muzimugwedeza nthawi ndi nthawi kuona ngati akuyankha. Musamupatse mankhwala a chifuwa kapena ena obweretsa tulo, kupatula a khunyu omwe amamwa kale.

Bwererani kuchipatala chomwe chili pafupi, osadikira kuti kuche, ngati mwana sakudzuka mukamugwedeza, akupuma movutikira, mothamanga kapena mwaphokoso, milomo yada kapena yatuwa, akusanza mobwerezabwereza, watupa nkhope kapena watuluka zidzolo, kapena wayamba kutsokomola ndi kutentha thupi m'tsiku loyamba. Tengani pepala lomwe anakupatsani potuluka, kuti amene akumulandira adziwe mankhwala omwe anapatsidwa ndi ola lake.